Mano Awiri pa Peyisilipu ya Chimphona

Kudepoti ya simenti kuja ukafunsa kuti wosoka matumba ali kuti, anthu amangokuyang'ana ngati wawapempha ngongole. Koma ungonena kuti a Zalazitatu, ngakhale galu wa pageti akulozera ndi mchira. Ndi bambo wamfupi, wadazi lonyezimira ngati bondo, amene amakhala pa chidebe chovundikira kuseri kwa mulu wa mapaleti, chisingano kumanja, kusoka matumba amene anzawo ang'amba ndi ngowe. Kudzanja lamanja kunatsala chala chachikulu, cholozera ndi chapakati. Ziwiri zinazo anazisiya pawindo la malipiro zaka makumi awiri zapitazo, ndipo eniake amati sanapitebe kukazitenga chifukwa mzere wake ndi wautali.

Kalelo anali wonyamula matumba pakampani ina, wamphamvu ngati ng'ombe yapangolo, nzerunso zake zomwezo. Sukulu anatsanzikana nayo msanga, mphunzitsi atawafunsa masamu iwo n'kuyankha ndi mutu pamphuno. Tsiku lina lamalipiro envulopu inawapepukira m'manja. Sanafunse munthu. Anapisa dzanja pawindo, kugwira kalaliki pakhosi, kumukokera kuzitsulo kamodzi, kawiri, katatu, mpaka nsagwada inalira ngati thabwa louma. Mlonda anathamangira n'kumenyetsa chitseko chachitsulo cha windolo. Zala ziwiri zinagwera mu ofesi, mwini wake n'kutsala panja akuvina.

Anakhala kundende miyezi khumi ndi inayi. Kumeneko amafunda bulangete limodzi ndi mkulu wina amene anamangidwa chifukwa chodya ndalama za malipiro a anthu. Munthu wodziwa njira za ndalama ndi wakuba, apolisi amangotsatira pambuyo. Mkuluyo ataona kapepala ka malipiro kamene kanali kachikhalire m'thumba la malaya awo, anaseka mpaka kutsokomola. Ndalama yosowayo inali adivansi imene iwo eni anatenga pakati pa mwezi n'kukaithira kukhosi. Kalaliki uja sanabe ngakhale khobidi, koma mpaka lero amatafunira mbali imodzi.

Anatuluka m'ndende akudziwa chinthu chimodzi kuposa ophunzira: kuwerenga peyisilipu. Nyuzipepala imawatengera tsiku lonse, koma kapepala kameneka amakayenda ngati njira ya kwawo. Anzawo kudepoti sakawerenga. Foni ikangolira kuti ndalama yalowa, amayang'ana nambala imeneyo basi, kapepalako n'kupichirira fodya kapena kupukutira mamina. A Zalazitatu amasunga tawo m'chitini cha mkaka, tomangidwa ndi mphira.

"Malipiro ndi lole," amatero. "Imanyamuka yodzadza, koma imatsitsa panjira. Iwe umangodikira kumapeto n'kumalira kuti matumba achepa. Funsa kumene yaima."

Mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo, anali munthu wosafunsa kumene lole yaima. Dzina lake linali Chimphona, ndipo sanamunamizire: amanyamula matumba awiri a simenti uku akuyasamula. Kunyumba kuli ana anayi, ndi mwini nyumba amene anali atazula kale chitseko cha kuchipinda kuti awakumbutse za lendi. Mwezi umenewo Chimphona anagwira ntchito masiku atatu a Lamulungu, tsiku limene ola lililonse amalipira pawiri. Masamu ake anali atawamaliza kale m'mutu: 260,000 ya mwezi, 40,000 ya nyumba, 60,000 ya Lamulungu. Zonse 360,000. Anali atauza mkazi, mkazi atauza mwini nyumba, mwini nyumba atauza anthu amene ali nawo ngongole.

Lachisanu masana, dzuwa lili paliwombo, mafoni analira m'matumba ngati achule. Chimphona anatsitsa thumba, kupukuta chala pamalaya, kuyang'ana. 197,000. Anazimitsa foni, kuyatsanso, mwina nambala isintha maganizo. 197,000.

Pambali pake panali Wayilesi, mnzake wa gulu limodzi, munthu wowonda amene pakamwa pake sipadziwa kutha mabatire.

"Zingati, aise? Ha! Akudya iwe! Akudya wamoyo!" anakuwa Wayilesi kuti depoti yonse imve. "163,000 yonse phyoo! Ukuganiza kuti nsapato zatsopano zija kalaliki wagulira chiyani? Thukuta lako limenelo, akuliponda pansi!"

Anthu anasiya lole ili pakati potsitsa. Aliyense anali ndi kake kamumtima, poti palibe munthu amene foni inamuuzapo nambala yomukwanira. Wina anatola thabwa la paleti, wina chitsulo chotsegulira matayala. Chimphona anangosolola ngowe yake palamba, ija yokokera matumba, yosongoka ngati dzino la njoka.

Kalaliki wa malipiro padepotipo, mwatsoka lake, anali atatuluka kale mu ofesi ndi katoni ya mapeyisilipu kuti agawe pakhonde. Anali bambo wa magalasi, wa khosi ngati la botolo, amene amati "pepani" ngakhale kwa mpando akaugunda. Sanaone n'komwe kumene dzanja lachokera. Katoni inauluka, mapepala kuti mbwee m'fumbi la simenti. Chimphona anamunyamula ndi kolala n'kumuwombetsa kukhoma. Magalasi anaphwanyikira pankhope, chipumi chinang'ambika, magazi n'kuyenderera mpaka m'kamwa. Anamugwetsa pansi, kumuponda pachifuwa ndi jombo, n'kukweza ngowe.

"Mutsegule mimbayo!" anakuwa Wayilesi ali kumbuyo kwa anthu, kumene kulibe ngozi. "Ndalama zako zili momwemo!"

A Zalazitatu anali atamva phokosolo kuchidebe kwawo. Anazindikira mtundu wake, poti iwo anayimbapo nyimbo imeneyi. Zimene anaona m'maso mwawo si kalaliki ayi, koma mlongo wawo ataima pageti ya ndende ndi kachakudya m'nsalu, ana anayi kumbuyo, zaka ndi zaka. Anathamanga ngati bakha, kudutsa pansi pa nkhwapa za anthu, n'kudumphira mkono wa ngowewo, kulendewera ngati nyani.

"Alamu, chokani!"

"Sindichoka."

Chimphona anangokutumula mkono. Chigongono chinawapeza pakamwa penipeni, iwo n'kukagwera pa mulu wa matumba. Anadzuka, kulavula mano awiri m'dzanja, kuwayang'ana pang'ono ngati chenji chosakwana, n'kuwaika m'thumba la malaya. Kenaka anabwereranso n'kugwira ngoweyo kunsonga ndi zala zawo zitatu.

"Kokani, alamu. Zatsala zitatu, mutengeko ziwiri mukapatse mlongo wanga."

Chimphona anaima, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Ndipatseni nthawi ya ndudu imodzi," anatero a Zalazitatu, magazi akutsikira kuchibwano. "Tiyende nayo lole yanuyi. Tikapeza ndalama yosowa njira, ine ndimugwira miyendo, inu mung'ambe."

"Madala akufuna kukupusitsa amenewo!" anatero Wayilesi. "Amamwa tiyi ndi a mu ofesi!"

"Iwe, tseka siteshoni," anayankha wina wa thabwa. "Timve kaye."

Anafufuza m'fumbi mpaka anapeza kapepala ka Chimphona. Jombo inali ikadali pachifuwa cha kalaliki, ngowe ikadali m'mwamba, koma maso onse anatsikira pansi, pamene a Zalazitatu anagwada n'kusalaza fumbi la simenti ndi chikhatho kuti likhale bolodi. Choko chinali chisingano chawo.

"Timayambira kumutu. Dzina ili ndi lanu? Nambala ya khadi 417, ndi yanu? Mwezi ndi uno?"

"Ndi zanga."

"Chabwino, tisamuphere munthu pepala la eni. Tsono kumanzere kuno ndi zimene mwakolola. Ya mwezi, 260,000. Masiku 26, ndiye kuti 10,000 patsiku. Palibe tsiku limene akudulani kuti munajomba. Ya nyumba, 40,000. Ovataimu."

Chala chinaima. Pa mzere wa ovataimu panali kamzere kopingasa basi, kopanda nambala. A Zalazitatu anadziwa kuti akangotafuna mawu apa, ngowe itsika.

"Ovataimu palibe," ananena mokweza, mosabisa. "Ndiye zonse pamodzi, chimene amati gulosi, katundu yense wokwera lole, ndi 300,000."

"360!" anabangula Chimphona, jombo ikukanikiza. Kalaliki analira ngati mwana wa mbuzi.

"Ndamva, alamu, sindine gonthi, ndine wopanda mano chabe. 60,000 yanuyo nayi." Analemba 60,000 pambali n'kuikapo mwala. "Ili pansi pa mwala, siithawa. Tibwererako. Inu mukulira 163,000. Tiyeni tione kaye inayo kumene yatsikira."

Analemba 300,000 n'kusamukira kumanja kwa pepala, kumene kuli zodula.

"Poima poyamba, penshoni. Amatenga 5 pa 100 iliyonse, koma ya mwezi yokha, ya nyumba saikhudza. Pa 260,000 ndi 13,000. Imeneyi sinabedwe, ndi yanu yomwe, akukusungirani kuti mudzadye msana ukadzakana. Kampani nayo imathirako yake, onani pansi apa, koma imeneyo musaiwerengere, sichoka m'thumba lanu. Chotsani 13,000. Zatsala?"

"287," anayankha wina m'gulu, mwamanyazi ngati mwana wa sukulu.

"287,000. Poima pachiwiri, mwini msewu: boma. Msonkho. Papepala lathu lino amauwerengera pa zimene zatsala penshoni itachoka. 100,000 yoyamba saikhudza, akuti mugulire mchere. Yotsalayo ndi 187,000, ndipo imeneyo amaigawa pasanu, gawo limodzi n'lawo. Akalaliki, ndanama?"

"Simunaname," inatero nkhope ya magazi pansi paja. "37,400."

"Mwamva? Munthu mwamuponda pachifuwa koma masamu akutuluka. 37,400, ndipo ndi imene yalembedwa apa. Imeneyi ngati mukuifuna, alamu, nyamulani ngowe yanu mupite nayo kuboma, ine ndikuperekezani mpaka pageti basi. Zatsala 249,600."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga. Thabwa lina linatsamira khoma.

"Pachitatu, yuniyoni. 2,600. Munasaina nokha tsiku lija anagawa zipewa, chipewa chake ndi chimene mwavalachi. Zatsala 247,000. Pachinayi." A Zalazitatu anakweza maso. "Adivansi. 50,000. Pa 14 mwezi uno."

Chimphona anaphethira.

"Ija ya..."

"Ija ya mwana atadwala, eya. Inatuluka pawindo lomweli, m'manja mwa munthu yemweyu, ndipo munamuuza kuti Mulungu amudalitse. Dalitso lake ndi limeneli? Chotsani 50,000." Analemba pang'onopang'ono, dontho la magazi n'kugwera pa ziro womaliza. "197,000. Imeneyi ndiye neti, katundu wofika pakhomo. Tulutsani foni. Zikusiyana?"

Sizinasiyane.

"Zodula zonse, 13,000, 37,400, 2,600 ndi 50,000, zikukwana 103,000, ndipo iliyonse ili ndi khomo limene yalowa. Apa palibe nsapato ya munthu."

"Nanga ya pansi pa mwalayo?" Mawu a Chimphona anali atatsika, koma otsikawo ndi amene amaopsa. "Masiku atatu, alamu. Anzanga ali kutchalitchi ine ndikumeza fumbi. Maola 24."

"Ola lanu ndi 1,250, pa Lamulungu 2,500. Maola 24, ndi 60,000 ndithu, simunalakwitse. Koma ndikufunseni. Maola amenewa kalaliki amawatenga kuti? Amalota? Amabwera Lamulungu kudzakuwerengani?"

"Makina a pageti," anatero kalaliki movutika. "Ine ndimangokopera zimene khadi yagunda."

"Mwamva. Makina aja sadziwa nkhope, sadziwa thukuta, amadziwa nambala. Tsono alamu, masiku atatu amenewo, khadi imene munagunda pageti inali 417?"

Aliyense pamenepo ankadziwa mmene za Lamulungu zimayendera. Kapitawo amalemba mayina ochepa, ndipo geti imatsegukira makhadi a olembedwawo basi. Wolembedwa akafuna kukagona kapena kukamwa, amabwereka mnzake khadi mwakachetechete, awiriwo n'kudzagawana okha. Kampani imaletsa, koma amachita onse.

"Ine sindinalembedwe," anatero Chimphona pang'onopang'ono. "Wayilesi ndiye analembedwa. Anandipatsa yake. Anati auza akalaliki kuti asinthire maolawo kudzina langa. Anati wauza kale."

"Sanandiuze kanthu," anatero kalaliki. "Ndipo akanandiuza ndikanakana."

A Zalazitatu anali akukwawa kale m'fumbi, kutembenuza mapepala. Anapeza kapepala ka Wayilesi pansi pa tayala la wilibala.

"Nambala 388. Ovataimu ya Lamulungu, maola 24." Anakweza pepalalo m'mwamba. "60,000. Koma abale, munthu uyu ndi wolimbikira! Wagwira masiku atatu ali kubawa!"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, Wayilesi anazima. Anayamba kubwerera chambuyo, kenaka anatembenuka n'kuliyatsa liwiro la kugeti. Sanafike. Thabwa linamupeza m'miyendo, n'kugwa chafufumimba. Anthu omwe aja amafuna magazi a kalaliki anamuunjikira ngati nyerere pa fupa: zibakera, jombo, mbama zomveka mpaka kumsewu. Wina anamukhuthulira simenti kumutu. Chimphona anachotsa phazi pa kalaliki, kukankha anthu uku ndi uku, kumunyamula Wayilesi ngati thumba lopanda kanthu n'kumuponya pa mapaleti. Mkono wa Wayilesi unathyoka ndi phokoso limene a Zalazitatu analikumbuka bwino. Kenaka dzanja la Chimphona linapita palamba, kufuna ngowe.

Ngowe panalibe. Anali ataigwetsa pomunyamula mnzakeyo, ndipo a Zalazitatu anali ataikhalira, manja atapinda.

"Alamu, dzukani."

"Ndatopa, ndine wokalamba."

"Ndikupwetekani."

"Mwayamba kale. Koma mverani: maliro satumiza ndalama. Foni yake ili ndi nambala yachinsinsi, ndipo nambalayo ili m'mutu umene mukufuna kuswawo. Mukaswa, ndalama ipita kumanda, inu kundende, mlongo wanga abwerera kwa ine ndi ana anayi, ndipo ine nyumba yanga ndi chipinda chimodzi. Ndichitireni chisoni ine."

Chimphona anayang'ana dazi lija, pakamwa pofiira paja, dzanja loperewera lija. Anapuma kamodzi, mwamphamvu, ngati lole ikamasula mabuleki. Kenaka anagwada pa Wayilesi n'kumusololera foni m'thumba.

"60,000. Pompano."

"48,000," anatero a Zalazitatu.

"Mwayambanso?"

"Boma ladya kale pamenepo. Ovataimu nayo imakhoma msonkho, gawo limodzi mwa asanu, 12,000. Ikanabwera papepala lanu ikanadulidwa chimodzimodzi, mukanalandira 245,000, osati 360,000 imene munalonjeza dziko lonse. M'manja mwa wakubayu mwafika 48,000. Tengani yanu, musatenge ya ana ake."

Wayilesi anadina ndi dzanja lamanzere, misozi ikukumba tinjira m'simenti ya kumaso. Foni ya Chimphona inalira. Nthawi yomweyo kugeti kunalira kena: mlonda anali ataitana apolisi.

Kalaliki anamusoka masitichi asanu ndi awiri pachipumi, nthiti imodzi itasweka. Wayilesi anamuika chikhakha, ndipo kwa milungu itatu anthu oyandikana naye nyumba anagona tulo tabwino. Chimphona anagona m'chitolokosi masiku anayi. A Zalazitatu anapita kuchipatala ndi mlongo wawo, n'kukagwada pambali pa bedi la kalaliki, dazi pansi. Kalaliki anawayang'ana nthawi yaitali ndi maso osaona bwinowo.

"Mukanachedwa pang'ono, bwenzi pano akundiyimbira nyimbo," anatero. "Mlandu ndiuchotsa chifukwa cha mano anu, osati chifukwa cha iyeyo. Koma magalasi agule."

Magalasi ndi mankhwala zinadya 48,000 yonse ndi kakenanso pamwamba. Mpaka lero masiku atatu a Lamulungu a Chimphona amakhala pamphuno pa kalaliki. Ntchito inatha, yake ndi ya Wayilesi yemwe, wina chifukwa cha ndewu, onse awiri chifukwa cha khadi. Chitseko cha kuchipinda chinakhala kwa mwini nyumba miyezi ina iwiri, mpaka Chimphona atapeza ntchito yotsitsa malata kusitolo ina ya zomangira. Koma madzulo amagona kwawo, ana akumukwera pamsana, osati kumuonera pa waya wa kundende.

Mwezi woyamba utatha kuntchito yatsopanoyo, Chimphona anafika kudepoti kuja, kuseri kwa mapaleti, nthawi ya nkhomaliro, chipewa kumanja, mlonda akumuyang'anitsitsa. Anakhala pansi pafupi ndi chidebe n'kutulutsa kapepala kopindidwa kanayi, koyera, kosapichirirapo fodya.

"Alamu, pali 4,000 apa sindikuimvetsa."

"Kalaliki wake ali moyo?" anafunsa a Zalazitatu, mawu akutuluka ndi kamluzu pampata wa mano.

"Ali moyo. Ndamupatsa moni."

"Mwakula. Bweretsani kuno. Ayi, gwirani nokha, zala muli nazo zambiri. Yambani kumutu."

Chimphona anaika chala chake chonga mpini pamwamba pa pepala n'kuyamba kuwerenga dzina lake, chilembo chimodzichimodzi.